Siteki Pamakala: Mkati Mwafika Pati?

Nyama ya kanyenya sivuta kudziwa kuti yapsa. Tizidutswa take n'tating'ono, moto umatizungulira mbali zonse, ndipo kunja kukapsa ndiye kuti mkatinso mwatheka. Siteki ya ng'ombe ndi nkhani ina. Ndi chidutswa chimodzi chachikulu, chokhuthala masentimita awiri kapena atatu, ndipo kunja kwake kukhoza kuda bii pamene mkati mukadali pozizira. Maso amangoona kunjako. Wotchi nayo sithandiza kwenikweni, chifukwa makala a lero sayaka ngati a dzulo. Wowotcha amayenera kudziwa zomwe zikuchitika pakati penipeni pa mnofu, ndipo njira zodziwira zilipo ziwiri: kuyeza kutentha ndi themometa, kapena kudina nyamayo ndi chala.

Mukaitanitsa siteki ku lesitilanti, woperekera chakudya amafunsa ngati mukufuna reya, midiyamu kapena welodani. Reya ndi yofiira mkati, yofunda chabe, ndipo pakati pake pamakhala madigiri 50 mpaka 52. Midiyamu ili pa madigiri 60 mpaka 63: kufiira kuja kwazilala, kwatsala kotuwirako pakati pokha. Welodani ndi yopsa mpaka mkati, yopanda kufiira kulikonse, kuyambira pa madigiri 71 kupita m'tsogolo. Pakati pa reya ndi midiyamu pali ina yomwe ophika ambiri amaikonda, ya madigiri 54 mpaka 57. Onani kufupika kwa mtundawu. Kuchoka pa nyama yofiira kufika pa yopseratu pali madigiri 20 okha, pamoto woti kutentha kwake ndi madigiri mazanamazana. Mphindi ziwiri zocheza ndi alendo n'zokwanira kuti siteki idumphe pomwe mumaifuna.

Chimachitika n'chiyani mkatimo? Mnofu uli ndi timinyewa tosungira madzi. Kutentha kukafika cha m'ma 50, timinyewato timayamba kulimba koma madzi amakhalabe momwemo. Kukadutsa 60, timakhwinyata ndi kufinya madziwo kunja, ndipo mumawaona akutuluka timadontho pamwamba pa nyama. Pofika 70, ambiri atuluka, nyama yachepa ndipo yalimba. N'chifukwa chake chala chikhoza kuuza munthu za mkati: kulimba kumayendera limodzi ndi kutentha.

Ambirife kuno timati nyama yofiira mkati ili ndi magazi. Si magazi ayi, magazi amakhetsedwa pozinga ng'ombe. Timadzi tofiirato ndi madzi osakanikirana ndi puloteni ya mu mnofu yotchedwa mayogulobini, yomwe imasintha mtundu ikatenthedwa. Amene sakonda nyama yofiira sakulakwa, aliyense ali ndi kukamwa kwake, koma asaope kuti akudya magazi.

Titenge chidutswa chimodzi tichiwotche. Tinene kuti mwagula rampu, mnofu wa kuthako, wolemera magalamu 300, ndipo mwapempha wa mubutchala kuti audule mokhuthala masentimita awiri ndi theka. Kukhuthalaku musakunyozere. Siteki yopyapyala ya sentimita imodzi siingakhale reya kapena midiyamu pamakala, chifukwa pamene kunja kukuyamba kufiirira, mkati mwapsa kale.

Ithireni mchere kudakali mphindi 40 kapena kuposa apo, apo ayi muthire pomwe mukuiika pamoto. Mukathira n'kudikira mphindi khumi zokha, mchere umakhala utakoka madzi ndipo sanabwerere mkati, choncho nyama imapita pamoto ili yonyowa. Ipukuteni iume. Madzi amawira pa madigiri 100 basi, pamene khungu lokoma lija, lofiirira ndi lonunkhira, limapangika kutentha kukapitirira madigiri 140. Wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza mu 1912 mmene shuga ndi tizigawo ta mapuloteni zimagwirizanirana pa kutentha n'kupanga mtundu woterowo. Nyama yonyowa imayamba yaphikika ndi nthunzi yake, n'kutuwa, isanapeze mwayi wopanga khungulo.

Makala akhale atanyeka, atavala phulusa loyera, lawi litatha. Akankhireni ambiri mbali imodzi ya mbaula kuti mukhale ndi malo awiri, otentha kwambiri ndi ofunda. Ikani dzanja masentimita khumi pamwamba pa waya kumbali yotenthayo. Ngati mukulichotsa pasanathe masekondi atatu, moto wakwana. Siteki igone pamenepo mphindi ziwiri kapena zitatu osaigwedeza. Ikakana kuchoka pawaya, ipatseni kanthawi, khungu likapangika imamasuka yokha. Itembenuzeni ndi chopanira, mbali inayo ilandirenso chimodzimodzi. Mafuta akadontha lawi n'kubuka, isuntheni kaye, chifukwa lawi limangopaka mwaye wowawa.

Apa ndi pamene themometa imagwira ntchito. Yabwino ndi ija ya kachitsulo kosongoka yomwe imaonetsa manambala m'masekondi ochepa. Nyamulani siteki ndi chopanira, mulowetse kachitsuloko cham'mbali, osati kuchokera pamwamba, mpaka nsonga ifike pakati pa malo okhuthala kwambiri. Mukabaya kuchokera pamwamba, nsonga imapyola n'kukawerenga kutentha kwa mbali yomwe yagona pamoto. Isakhudze fupa, isaime m'mafuta. Ikokeni pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala, ndipo yotsika kwambiri ndiyo yoona. Ngati mukuikayikira themometayo, iviikeni m'kapu yodzaza ayisi ndi madzi pang'ono. Iyenera kuonetsa 0.

Tinene kuti rampu yathu yawerenga 46 ndipo mukufuna midiyamu. Khungu lakwana kale, ndiye isamutsireni kumbali yofunda, muziitembenuza mphindi iliyonse n'kumayeza. Ikafika 57 kapena 58, ichotseni. Musadikire 62. Kunja kwa nyama kumakhala kotentha kuposa mkati, ndipo kutenthako kumapitiriza kulowa ngakhale nyama ili m'mbale, moti pakati pamakwera ndi madigiri atatu mpaka asanu. Anthu ambiri amene amadandaula kuti siteki yawo yapsetsa anayeza bwinobwino, koma anaichotsa itafika kale pa nambala yomwe ankafuna. Wofuna reya achotse pa 47 kapena 48, wofuna welodani pa 67 kapena 68. Ikatero ipume mphindi zisanu musanaidule, ndipo podula mpeni upingase timinyewa, usatsate mmene tayendera.

Nanga wopanda themometa? Dzanja lanu lomwe ndi muyezo. Litambasuleni momasuka, ndipo ndi chala cha dzanja linalo dinani kamnofu konenepa ka pachikhatho, kunsi kwa chala chachikulu. Kufewa kumeneko ndi kwa nyama yaiwisi. Tsopano gunditsani nsonga ya chala chachikulu ndi ya mkombaphala, mongokhudza osakanikiza, mudinenso pomwe paja. Palimbako pang'ono, ndiye reya. Chala chachikulu chikakhudza chapakati, muli pa madigiri aja a 54 mpaka 57. Chikakhudza chovala mphete, kamnofu kamakankha chala chanu n'kubwerera msanga, ndiye midiyamu. Chikafika pa chaching'ono, pamalimba gwa, ndiye welodani. Dinani chikhatho, mudine pakati pa siteki, muyerekeze. Chala choyera chikangodina n'kuchoka sichipsa.

Njirayi ndimaikonda, koma ili ndi malire ake. Manja amasiyana. Chikhatho cha mlimi amene amagwira khasu chaka chonse n'cholimba kuposa cha munthu wa muofesi, ndiye reya wa mmodzi akhoza kukhala midiyamu wa mnzake. Nyamanso zimasiyana. Fileti ndi yofewa mwachibadwa, ndipo ikhoza kumveka ngati yatsala pamene yadutsa kale pa midiyamu. Rampu ya ng'ombe yachikuda, yomwe yakula ikuyenda mitunda kufuna msipu, imamveka yolimba ikadali yaiwisi. Khungu la kunja likauma kwambiri, nalonso limanamiza chala. Choncho musanaike nyama pamoto, idineni kaye kuti mudziwe pomwe ikuyambira. Ndipo ngati mungapeze themometa, ngakhale yobwereka, muzidina kaye, munene mumtima nambala yomwe mukuganiza, kenako muyeze. Ophika a m'mahotela amene amangodina kamodzi n'kudziwa anaphunzira choncho, pa mtundu umodzimodzi wa nyama, wodulidwa mofanana tsiku ndi tsiku.

Zomacheka nyama ili pamoto kuti muone mtundu wa mkati sizithandiza. Madzi amatayika pabalapo, ndipo usiku pa kuwala kwa makala nyama iliyonse imaoneka yofiira.

Welodani ndi imene ambiri kwathu kuno timafuna, ndipo ndi imene imavuta kuposa zonse, ngakhale anthu amaiyesa yapafupi. Kuisiya pamoto waukali mpaka kufiira kuthe kumapereka nyama yopserera kunja, youma mkati, yotopetsa nsagwada. Sankhani mnofu wokhala ndi timizere ta mafuta mkati mwake, pakuti madzi akatuluka mafutawo ndi amene amafewetsa nyama m'kamwa. Pamoto waukali ingokhalapo kuti ipange khungu, ulendo wonse wotsalawo iuyende kumbali yofunda, mukuitembenuza pafupipafupi. Mukaivundikira ndi chivundikiro cha poto, kutentha kumaizungulira ndipo imapsa mofanana. Pa 71 kufiira kwatha. Madigiri ena aliwonse opitirira pamenepo akungochotsa madzi popanda chomwe akuwonjezera.

Za thanzi nazo zili m'manambala omwewa. Mu chidutswa chathunthu cha mnofu, mabakiteriya amakhala kunja, komwe mpeni ndi manja zakhudza, ndipo moto umawapha pomwepo. Ichi n'chifukwa chake siteki imadyedwa yofiira mkati. Ngakhale zili choncho, unduna wa zaulimi ku America umalangiza kuti siteki ifike madigiri 63 n'kupuma mphindi zitatu, ndipo nyama yogaya ifike 71. Pogaya, za kunja zimasakanikirana ndi za mkati, choncho baga yofiira pakati si yofanana ndi siteki yofiira pakati. Siteki yomwe yabayidwabayidwa ndi foloko kuti ifewe nayonso yalowetsa za kunja mkati.

Palinso njoka ya m'mimba yaitali, yaphwatalala, yomwe ana ake amabisala mu mnofu wa ng'ombe ngati timatuza toyera tating'ono. Amenewa ali mkati, ndiye kupsa kwa kunja sikuwakhudza, ndipo kutentha kwa reya n'kosakwanira kuwapha motsimikizika. Ndi zina mwa zomwe oyeza nyama amafufuza asanadinde chidindo. Ngati nyama yanu yachokera pamtengo wa kumsika ndipo simunaone chidindo, ifikitseni pa 63 kapena kupitirira. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chatsika, apatseni yopsa mpaka mkati, ndipo yawoyo ikachoka pamoto isabwerere m'mbale yomwe munaikamo nyama yaiwisi.