Mavu akaluma mwendo n'kutupa: poizoni chabe kapena majeremusi alowa?

Mwana woponya miyala mumtengo wa mango akhoza kugwetsa chisa cha mavu n'kulumidwa pa kakolo. Pofika madzulo phazi lakana kulowa mu nsapato, ndipo m'mawa mwake kutupa kwafika pa katumba. Makolo ambiri apa amathamangira kukagula makapisozi kugolosale. Komatu pa tsiku loyambali kawirikawiri sipakhala majeremusi oti makapisoziwo aphe.

Kutupa kotere n'kulimbana kwa thupi ndi poizoni wa kachilomboko. Kumakula kwa maola 24 mpaka 48, nthawi zina n'kupitirira masentimita 10 m'lifupi, kenako kumaphwa m'masiku 5 mpaka 10. Chizindikiro chake n'chakuti pamayabwa kwambiri kusiyana ndi kupweteka, ndipo mwanayo amadya n'kusewera bwinobwino.

Chisamaliro chake si chodula. Ngati yaluma ndi njuchi, mbola ichotsedwe msanga poipala ndi chikhadabo. Mavu sasiya mbola. Pabalapo patsukidwe ndi sopo, kenako paikidwe nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko kwa mphindi 10, mobwerezabwereza. Pogona mwendo ukhale pa mtsamiro. Ukakhala mkono, mphete ndi zibangili zivulidwe chala chisanatupe. Panado amachepetsa ululu, Piriton amachepetsa kuyabwa ngakhale amagonetsa. Kutema mphini kapena kupakapo phulusa n'kutsegulira matenda khomo.

Vuto lenileni limadza ndi kukanda. Zikhadabo zimang'amba khungu, ndipo mabakiteriya okhala pakhungu pomwepo, Streptococcus ndi Staphylococcus, amalowa mkati. Izi zimaonekera pakapita masiku angapo, nthawi imene kutupa kumayenera kukhala kukuphwa. Kuyabwa kumasanduka ululu woti mwana salola kumukhudza. Mabuku ambiri amati muyang'ane kufiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Chodalirika ndi kuseri kwa dzanja: mwendo wodwalawo umatentha kuposa unzake, khungu lake lili nyezinyezi, lokokeka.

Anamwino ali ndi njira yosavuta: amazunguliza ndi bolopeni m'malire mwa kutupako n'kulemba nthawi. Tsiku lachiwiri likadutsa kutupa n'kumadumphabe mzerewo, mwanayo aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Mzere wofiira kapena wakuda wokwera kuchokera pabala kulunjika m'mphechepeche kapena kukhwapa, mwanabere wopweteka, mafinya, matuza, ndi kutentha thupi kofika madigiri 38 kodza ndi kunjenjemera zimasonyeza kuti matenda ayamba kuyenda ndipo akhoza kulowa m'magazi. Apa mpomwe pafunika mankhwala opha mabakiteriya, monga cloxacillin, olembedwa ndi dokotala ndi kumwedwa mpaka atatha. Odwala shuga ndi amene ali ndi HIV asadikire kuti zonsezi zioneke.

Kutupa milomo kapena lilime, kubanika ndi chizungulire patangopita mphindi zochepa chilumidwire ndi nkhani ina. Pamenepo nsalu yozizira sithandiza. Wolumidwayo amafunika jakisoni wa adrenaline kuchipatala nthawi yomweyo.