Waya wachinayi amanyamula zotsala

Pathiransifoma ya Escom yomwe imatsitsa magetsi kuchoka pa 11,000 V pamatuluka mawaya anayi opita kunyumba ndi kumashopu. Atatu ndi mafezi, omwe amisiri amawatchula ndi mitundu yake: lofiira, lachikasu ndi labuluu. Wachinayi ndi nyutulo. M'kati mwa thiransifomayo muli makoyilo atatu omwe nsonga zawo zinakumana pamfundo imodzi, kalumikizidwe kotchedwa sitala, ndipo nyutulo amachokera pamfundo imeneyi. Pakati pa mafezi awiri pamakhala 400 V, pomwe pakati pa fezi ndi nyutulo pamakhala 230 V, magetsi omwe timayatsira mababu ndi kusitira zovala.

Popeza magetsi a mafezi onse atatu amabwerera kudzera mwa nyutulo, munthu angaganize kuti waya ameneyu amasenza katundu wa onse pamodzi. Sizili choncho. Magetsi a fezi iliyonse amakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, koma mafeziwo sakwerera limodzi. Amasiyana ndi madigiri 120. Zili ngati anthu atatu omwe aima motalikirana mofanana, kukoka zingwe zomangidwa pamfundo imodzi. Mphamvu zawo zikafanana mfundoyo sisuntha, koma mmodzi akaposa anzake imalowera kwa iye. Nyutulo amanyamula mphamvu yotsalayo basi. N'chifukwa chake injini yamagetsi ya chigayo, yomwe imakoka mofanana pamafezi onse, imayenda bwinobwino popanda nyutulo.

Tiyerekeze nyumba ya mashopu pamsika. Wophika tiyi ndi wosita zovala ali pafezi yofiira, ndipo pamodzi akukoka maampu 40. Pafezi yachikasu pakuyenda maampu 25, pabuluu 10 okha. Ngati zipangizo zonse ndi zotenthetsa, monga ketulo ndi simbi, maampu a mu nyutulo amapezeka motere:

```
In = √(R² + Y² + B² − RY − YB − BR)
In = √(1600 + 625 + 100 − 1000 − 250 − 400)
In = √675 ≈ 26 A
```

Mu nyutulo mukuyenda maampu 26, osati 75. Komabe 26 si wochepa, waposa ngakhale a fezi yachikasu. Pakakhala mafiriji kapena makina owotcherera zitsulo masamuwa amasinthako, chifukwa zipangizo zoterezi zimachedwetsa maampu pa mavoliti, ndiye mmisiri amangopana waya aliyense ndi kilampu mita n'kuwerenga. Ayeze nthawi yomwe aliyense wayatsa zake; kuyeza mashopu atatsekedwa n'kudzinamiza.

Kukonza kwake n'kusamutsa katundu wa maampu 15 kuchoka kufezi yofiira kupita kubuluu. Fezi iliyonse imatsala ndi 25, ndipo nyutulo amapuma. Phindu lake likuoneka pa kutentha kwa mawaya, komwe kumatsata maampu ochulukitsidwa ndi iwo okha. Ngati mawaya anayiwo ndi ofanana, poyamba paja chiwerengero cha kutenthaku chinali 3,000, pano chatsikira pa 1,875, chonsecho ntchito yomwe ikugwiridwa m'mashopumo ndi yomweyo.

Tsoka lenileni limabwera nyutulo akaduka, kaya chifukwa cha bawuti yomasuka yomwe yapsa pang'onopang'ono, kaya akuba adula kopa pathiransifoma. Magetsi sazima ayi. Zipangizo za mafezi osiyana zimangosanduka zolumikizana mondondozana pa 400 V, n'kugawana mavolitiwo mosalingana. Tinene kuti pafezi yofiira pali ketulo ya mawati 2,000, pachikasu pali zipangizo zing'onozing'ono za mawati 200, pabuluu palibe chayaka. Ketulo imangolandira pafupifupi 36 V, madzi osawira. Zing'onozing'ono zija zimalandira pafupifupi 364 V. Amene amalira ndi yemwe amagwiritsa ntchito magetsi ochepa: wailesi yakanema yatulutsa utsi, matchaja anunkha, mababu aphulika. Ichi n'chifukwa chake pa nyutulo saikapo fyuzi.

Vutoli limachenjeza lisanafike poipa. Mnzanu wa shopu ina akayatsa ketulo, mababu anu n'kuwala mopitirira muyeso m'malo mothima pang'ono, dziwani kuti nyutulo wamasuka penapake. Zimitsani switchi yaikulu ndipo muitane mmisiri wovomerezeka. Musakhudze waya ameneyu poganiza kuti alibe moto, chifukwa akaduka mbali yakunyumba imakhala ndi magetsi okwana kupha munthu.

Masiku ano kulinganiza mafezi pakokha sikumaliza nkhani. Makompyuta, matchaja ndi mababu a LED amakoka magetsi modukizadukiza, zomwe zimabala mafunde ena a 150 Hz. Mafunde amenewa amakwerera limodzi m'mafezi onse atatu, choncho mu nyutulo amaphatikizana m'malo mofafanizana. M'nyumba yodzaza makompyuta, mafezi atha kukhala ofanana ndendende koma nyutulo n'kumatentha, ndipo malo otere nyutulo wake sayenera kuchepa kuposa mawaya a mafezi.