Masilayidi Abwerako Atasintha: Mungadziwe Bwanji Zimene Zakhudzidwa?

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya. Mwakonza lipoti la chaka mu PowerPoint, masilayidi 12, ndipo mwatumiza kwa msungichuma kuti awonemo. Fayilo yabwerako ili ndi masilayidi 13, uthenga wake ndi wakuti "ndangokonzako pang'ono". Msonkhano waukulu ndi mawa, ndipo amene adzaime kutsogolo kwa mamembala ndinu. Muyenera kudziwa chimene chawonjezedwa, chimene chachotsedwa ndi chimene chasinthidwa.

Ambiri amayamba ndi kuyerekeza silayidi 1 ndi 1, 2 ndi 2, mpaka kumapeto. Apa ndi pamene amasokonekera. Nambala ya silayidi imangonena malo amene silayidiyo yaima, monga munthu pamzere wa kuchigayo: wina akachoka kutsogolo, onse am'mbuyo amasendera. Tinene kuti msungichuma anachotsa silayidi 4, yonena za ngongole za mamembala, kenako n'kulowetsa ziwiri zatsopano pamalo 8 ndi 9. Zikatero, masilayidi amene anali 5 mpaka 8 tsopano ndi 4 mpaka 7, ndipo amene anali 9 mpaka 12 tsopano ndi 10 mpaka 13. Woyerekeza potsata manambala adzaona ngati chilichonse kuyambira pa 4 chasintha. Wowerenga chiwerengero chokha adzaganiza kuti pawonjezedwa silayidi imodzi basi, osazindikira kuti nkhani ya ngongole yasowa.

Choncho ntchito yoyamba ndi kupezera silayidi iliyonse mnzake. Sungani mafayilo awiriwo ndi mayina osiyana, kuti wina asafufute mnzake. Atseguleni onse, pa View sankhani Slide Sorter mu fayilo iliyonse, kenako Arrange All kuti aime moyandikana. Papepala lembani mitu ya fayilo yakale kumanzere, ya yatsopano kumanja, n'kulumikiza ndi mzere mitu yofanana. Mutu wotsala wopanda mnzake kumanzere ndiye wachotsedwa. Wotsala kumanja ndiye wawonjezedwa. Koma musanatsimikize, tsegulani otsalawo muone zam'kati, chifukwa nthawi zina silayidi yangopatsidwa mutu wina. Mizere ikapingasana, silayidi yasamutsidwa, ndipo zimenezo nazo zilembedwe.

Mukatero mwatsala ndi masilayidi 11 okhala ndi anzawo, ndipo ntchito yeniyeni ili mmenemo. PowerPoint ya pa Windows, monga ya 2016 ndi 2019, ili ndi batani la Compare pansi pa Review. Mumatsegula fayilo yakale, kusankha yatsopano, n'kudina Merge. Kumanja kumatuluka gawo la Revisions: Slide Changes imasonyeza zosintha m'kati mwa silayidi, Presentation Changes imasonyeza masilayidi olowa ndi ochoka. Dziwani kuti batanili limaphatikiza mafayilo, ndiye gwiritsani ntchito kope, osati fayilo yanu yokhayo. Mu Microsoft 365 yatsopano batanili analichotsa, choncho mukalisowa musadabwe.

Njira ina ndi kudzera mu Word. Pa Save As sungani fayilo iliyonse ngati Outline/RTF, kenako mu Word pitani pa Review ndi Compare. Liwu lililonse lochotsedwa kapena lowonjezedwa lidzaonekera, ngakhale kaliwu ngati "osati" kamene kamatembenuza chiganizo chonse. Malire ake ndi awa: Outline imatenga mitu ndi mawu a m'mabokosi akuluakulu a silayidi okha. Matebulo, matchati, zithunzi ndi mawu amene munthu analemba mu Text Box yapadera zimatsala kunja.

Ndipo ndalama zimakhala m'matebulomo. Ngati pa silayidi ya malonda K4,500,000 yasanduka K5,400,000, Word idzakhala chete, ndipo diso lotopa silingaone chifukwa manambala ake ndi omwewo, angosinthana malo. Ine ndimaona kuti pa tebulo palibe njira yachidule: itanani mnzanu, wina aziwerenga mokweza fayilo yakale, wina azitsatira ndi chala pa yatsopano. Wonkhetsaninso mzere wa zonse pamodzi. Ngati nambala imodzi yasintha koma chiwonkhetso chikadali chakale, china chake chalakwika. Onaninso Notes pansi pa silayidi iliyonse, komanso masilayidi obisidwa ndi Hide Slide, amene nambala yawo imaoneka yokhwatchidwa. Oterewa amawerengedwa mu fayilo koma saoneka pakhoma.

Polemba mndandanda wanu, tchulani nambala yakale ndi yatsopano pamodzi, komanso mawu akale ndi atsopano: "Malonda, yakale 5, yatsopano 4: K4,500,000 yasanduka K5,400,000." Mukangolemba kuti "silayidi 5 yasintha", msungichuma adzatsegula 5 ya mu fayilo yake n'kupeza nkhani ina. Mutumizireni mndandandawo lero lomwe, ndipo mumufunse ngati anachotsa dala silayidi ya ngongole komanso lisiti limene nambala yatsopanoyo yachokera.