Khodi ya ena m'nkhokwe yako: chifukwa chake a Rust anasiya njira ina n'kutsata ina

Chaka cha 2020 chisanafike, anthu okonza chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Rust ankavutika ndi chida chawo chomwe, chotchedwa Clippy. Ntchito ya Clippy ndi kuwerenga khodi imene munthu walemba n'kumuloza pamene walakwitsa kapena pamene wazungulira popanda chifukwa. Kuti ichite zimenezi, imadalira zam'kati mwa kompayila ya Rust, pulogalamu imene imasandutsa khodi kukhala chinthu choti kompyuta iyendetse. Zam'katizo zimasinthidwa pafupipafupi, ndiye wina akangosintha kanthu, Clippy inkathyoka, ndipo nthawi zina Rust yoyeserera imene imatuluka usiku uliwonse inkatuluka yopanda Clippy.

Gwero la vutoli linali m'kalumikizidwe ka nkhokwe ziwiri. Opanga mapulogalamu ambiri amasunga ntchito yawo ndi Git, chida chimene Linus Torvalds anayambitsa mu 2005. Nkhokwe ya Git imasunga mafayilo pamodzi ndi mbiri ya kusintha kulikonse, ndipo kusintha kosungidwako kumatchedwa `commit`, kokhala ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 40. Kompayila inali ndi nkhokwe yake, Clippy nayo yake, koma Clippy inkafunikanso kupezeka m'kati mwa nkhokwe ya kompayila, pa foda ya `src/tools/clippy`. Njira zodziwika zochitira zimenezi ndi ziwiri, `submodule` ndi `subtree`, ndipo pa nthawiyo Clippy inali pa njira yoyambayo.

Njira ya `submodule`, imene inalowa mu Git mu 2007, sikopera khodi ya enawo m'mbiri ya nkhokwe yaikulu. Imangolemba zinthu ziwiri. M'fayilo ya `.gitmodules` mumalembedwa keyala ya nkhokwe inayo ndi foda imene izikhalamo, ndipo pamalo a fodayo pamasungidwa nambala ya `commit` imodzi yokha. Zili ngati munthu amene sasunga feteleza kunyumba, koma kapepala kolembedwa dzina la sitolo ndi nambala ya thumba lake.

Ubwino wake ndi woonekeratu: nkhokwe yaikulu siilemera, komanso aliyense amadziwa ndendende khodi imene gulu likugwiritsa ntchito. Koma watsopano pa ntchitoyo amakhumudwa tsiku loyamba lomwe. Akakopera nkhokwe ndi `git clone` wamba, foda ya `submodule` amaipeza yopanda kanthu, pulogalamu n'kukana kumangika. Ayenera kulamulanso kuti:

```
git submodule update --init --recursive
```

Vuto lobisika limabwera pambuyo pake. Tinene kuti mnzake wa pagulu wasuntha nambala ija kuti iloze khodi yatsopano. Uyu akakoka zosinthazo ndi `git pull` wamba, nambala yatsopano imafika, koma mafayilo a m'fodamo amakhalabe akale. Chizindikiro chake chimaoneka pa `git status`, pamene dzina la fodayo limatuluka ndi mawu akuti `(new commits)` ngakhale iye sanakhudzemo. Akapanda kulabadira n'kulemba `git commit -a`, wabwezeretsa nambala yakale, ndipo ntchito ya mnzake ija yafufutika mwakachetechete kwa gulu lonse. Chofunika pamenepo n'kuyamba walamula `git submodule update`. Palinso amene amasintha khodi m'kati mwa `submodule`, n'kutumiza nkhokwe yaikulu koma kuiwala yaing'onoyo. Anzake amalandira nambala yoloza `commit` imene ili pa kompyuta yake yokha, ndipo nthawi zambiri amaona uthenga wakuti `not our ref`. Lamulo la `git push --recurse-submodules=check` limakana kutumiza zinthu zikakhala choncho.

Koma chimene chinkapweteka a Rust chinali chachikulu kuposa kuiwala. Kusintha kumodzi sikungagwire nkhokwe ziwiri nthawi imodzi. Wosintha kompayila ankalowetsa ntchito yake, Clippy n'kuthyoka. Kenako wina ankakonza Clippy kunkhokwe yake, kudikira kuti anzake avomereze, ndiyeno n'kubwerera kudzasuntha nambala ija m'nkhokwe ya kompayila. Pakati ponsepo chidacho chinali chakufa, ndipo mtolo unkagwera okonza Clippy, amene sanathyole kanthu.

Mu 2020 anasamutsira Clippy ku `subtree`, ndipo rustfmt, chida chosanja maonekedwe a khodi, chinatsatira mu 2021. Chida cha `git subtree` anachilemba Avery Pennarun, ndipo chinayamba kugawidwa limodzi ndi Git mu 2012, m'foda ya `contrib`, n'chifukwa chake pa makompyuta ena chimafunika kuikidwa padera. Chimakopera mafayilo enieniwo m'foda ya nkhokwe yaikulu, n'kuphatikiza mbiri yawo ndi mbiri ya ntchitoyo. Wokopera nkhokwe amapeza zonse zilimo, ndipo safunika ngakhale kudziwa kuti fodayo inachokera kwina.

Pamenepa zinthu zinatembenuka. Popeza Clippy inakhala mafayilo wamba m'nkhokwe ya kompayila, wosintha kompayila anayamba kukonzeratu Clippy m'ntchito yomweyo, apo ayi mayeso amalephera ndipo ntchito yakeyo siilandiridwa. Wothyola ndiye wokonza, ndipo chilungamo chake n'chimenecho.

Ntchito yolumikiza nkhokwe ziwirizi sinathe ayi, inangochoka pamapewa a anthu onse n'kugwera ochepa. Clippy inapitirira kukulitsidwa kunkhokwe yake, kotero khodi inayamba kusintha mbali zonse ziwiri, ndipo okonza anaika dongosolo lofananitsa mbalizo milungu iwiri iliyonse. Amayamba ndi `git subtree push`, imene imafufuza m'mbiri ya kompayila, kutola zosintha zokhudza foda ya Clippy zokha n'kuzitumiza kwawo kwa Clippy. Zikavomerezedwa kumeneko, amakokera zatsopano zonse m'nkhokwe yaikulu:

```
git subtree pull -P src/tools/clippy https://github.com/rust-lang/rust-clippy.git master
```

Kufufuza kuja n'kumene kumalemera. Pa nkhokwe ya mbiri yaitali ngati ya Rust, ulendo woyamba umatenga nthawi yambiri, moti okonza Clippy anafunika `git subtree` yosinthidwa pang'ono kuti isafere panjira. Chida china cha Rust, Miri, anachisamutsira ku pulogalamu ina yotchedwa Josh, yogwira ntchito yofananayo mofulumira. Dziwaninso kuti `subtree` siisiya fayilo yonena kumene khodi inachokera, ndiye gulu likapanda kulemba keyalayo penapake, obwera m'mbuyo amasowa pogwira. Amene akungobwereka khodi osafuna mbiri yake yonse amawonjezera `--squash`, imene imaumba mbiriyo kukhala `commit` imodzi.

Chochititsa chidwi n'chakuti a Rust sanataye `submodule`. LLVM, gwero la khodi imene kompayila imadalira potulutsa malangizo a makina, inakhalabe `submodule` pa `src/llvm-project`. LLVM ndi yaikulu kwambiri, ili ndi eni ake kunja kwa Rust, ndipo ambiri okonza kompayila saisintha n'komwe. Kuikopera m'mbiri kukanachititsa aliyense kukoka katundu amene alibe naye ntchito, pamene nambala imodzi yosunthidwa mwa apo ndi apo ikukwanira.

Gulu laling'ono la anthu atatu kapena anayi lingadzifunse funso lomwelo: kodi khodi iyi tiziisintha limodzi ndi yathu? Ngati inde, kapena ngati ndi yochepa ndipo anthu a pagulupo sanazolowere Git, `subtree` imachotsa misampha ya tsiku ndi tsiku, bola papezeke mmodzi wosamalira kukoka ndi kutumiza. Ngati khodiyo ndi yaikulu, ya eni ake, yongogwiritsa ntchito osaikhudza, `submodule` ndiyo yoyenera, ndipo aliyense alembe `git config submodule.recurse true` pa kompyuta yake kuti `git pull` izisunthanso mafayilo a m'fodamo.