Dzanja la zingwe: limagwira zolemera bwanji?

Gwirani mkono wanu munsi mwa chigongono, kenako fumbatani zala. Mumva minofu ikuuma. Minofu imene imafumbata zala mwamphamvu imakhala mu mkono, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha yolimba yodutsa m'chikhatho. Opanga dzanja lotsika mtengo la makina amatengera nzeru yomweyi: timamota totchedwa sevo timakhala mu mkono, zingwe n'kumagwira ntchito ya mitsempha. Ndi mmene linapangidwira dzanja la loboti ya InMoov, imene Gaël Langevin wa ku France anayamba kupanga mu 2012.

Chala chilichonse chimakhala ndi tizidutswa titatu tapulasitiki kapena tamatabwa tolumikizidwa kuti tizipindika. Chingwe chimamangidwa kunsonga, n'kudutsa m'timabowo ta kumbali ya chikhatho mpaka kukafika pa kawilo ka sevo. Sevo ikazungulira, chingwe chimakulungika ndipo chala chimapinda. Popeza chingwe chimangokoka, sichikankha, kuseri kwa chala amaikako lasitiki kapena chingwe chachiwiri choti chizichiwongola. Kachipangizo ka Arduino ndi kamene kamauza sevo poti ikaime.

Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Tiyerekeze kuti mwagula sevo ya MG996R ndipo mwaikapo kawilo kotalika sentimita imodzi kuchokera pakati kufika m'mphepete. Sevoyi ikhoza kukoka chingwe ndi mphamvu yonyamula pafupifupi makilogalamu 9, ndipo ikazungulira madigiri 180 imakulunga chingwe cha masentimita atatu, okwanira kupinda chala. Koma chingwecho chimadutsa pafupi kwambiri ndi popindikira chala, mwina mamilimita 8 okha, pamene chalacho n'chotalika mamilimita 80. Zili ngati kutsegula chitseko pokankha pafupi ndi mahinjesi. Kunsonga kwa chala chotambasuka kumangofika gawo limodzi mwa magawo khumi, magalamu 900, ndipo mphamvu ina imathera pokhulana chingwe ndi timabowo. Kasevo kakang'ono ka SG90, kamene kamakoka osafika makilogalamu awiri pa kawilo komweko, kangapereke magalamu osakwana 200. Mukakulitsa kawilo, chala chimapinda msanga koma mphamvu imachepa.

Choncho musakhulupirire nambala ya papaketi, yesani. Kuyesa koyamba kumafuna sikelo yaing'ono yoyezera ufa wa makeke. Mangirirani dzanja patebulo kuti lisasunthe, ikani nsonga ya chala cha mkombaphala pasikelo, ndipo zungulitsani sevo pang'onopang'ono mpaka nambala itasiya kukwera. Lembani nambalayo n'kumasula msanga, chifukwa sevo yoima ikukoka imatentha. Teroni kasanu pa chala chilichonse. Chala chimodzi chikamatsalira kwambiri, chingwe chake ndiye kuti chikukodwa penapake.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa botolo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuwerengera n'kosavuta. Dzanja lifumbate botolo lopanda kanthu litaimirira, inu muzithiramo mamililita 100 nthawi iliyonse n'kudikira masekondi khumi. Jambulani mzere pabotolo pamene pali chala chachikulu kuti muone likangoyamba kutsetsereka. Tinene kuti latsetsereka pa mamililita 400. Musathamangire kugula sevo yaikulu. Matani timphira ta chubu cha njinga kunsonga za zala ndi m'chikhatho, pukutani botolo, muyesenso. Kawirikawiri dzanja lomwelo limagwira zolemera kuposa poyamba, chifukwa botolo loimirira limagwiridwa ndi zinthu ziwiri: kufinya kwa zala ndi kusaterera kwake. Onaninso ngati chala chachikulu chayang'anizana ndi zinzake, apo ayi botolo lizingothawira kumbali.

Dzanja limadziulula lokha likadwala. Zala zikasiya kufumbata bwino mutazipinda maulendo ambiri, chingwe chatamuka kapena mfundo yamasuka. Chingwe chowedzera nsomba cha nayiloni chimatamuka, n'chifukwa chake choluka ndiye chabwino. Sevo ikamalira n'kumatentha, ndiye kuti mwaiuza kupitirira pamene chala chathera, choncho chepetsani madigiri. Zala zikamanjenjemera, Arduino n'kumazima n'kuyakanso, vuto ndi magetsi. MG996R imodzi ikapanikizika imatha kukoka maampu opitirira awiri, amene Arduino singapereke. Masevo apatseni batire kapena gwero lawo la 5V kapena 6V, ndipo waya wake wa GND ulumikizidwe ndi GND ya Arduino.

Dzanja lotereli silimva chimene lagwira: dzira ndi mwala limazifinya mofanana. Ndi chida chophunzirira, osati choveka munthu woduka mkono. Koma wophunzira amene wasintha chinthu chimodzi pa nthawi, kaya kawilo, chingwe kapena mphira, n'kulemba zotsatira zake m'kope, adzadziwa ndi manambala chimene chalimbitsa dzanja lake.