Milu 90 ya matimati ndi phindu la K30

Wogulitsa pamsika akamaweruka madzulo amawerenga ndalama za m'thumba, ndipo zikachuluka amati malonda ayenda. Koma m'thumbamo muli mpamba, muli ndalama ya galimoto ya mawa, ndipo mulibe ya katundu amene anapita pa nkhongole. Kabuku kamasunga bwino zimene zachitika, koma kuti katiuze zimene zatsala tiyenera kuwonkhetsa tokha tsamba ndi tsamba, ntchito imene ambiri amaisiya sabata yachiwiri. Apa m'pamene Excel kapena Google Sheets, mapulogalamu a matebulo amene amalowa m'foni, amaposa kabuku: munthu amalemba chochitika kamodzi, kuwonkhetsa n'kuchitika kokha.

Tiyerekeze mlimi amene amagulitsa matimati pamsika wa ku Katete. Mitengo tangoiikapo kuti tione kawerengedwe. Inu muikepo ya kwanu. Lolemba watenga mabokosi atatu pa K200 lililonse, walipira K20 pa bokosi kuti afike kumsika, ndipo msonkho wa pamsika ndi mapulasitiki zadya K20. Zonse pamodzi ndi K680. Bokosi lililonse latulutsa milu 30 ya K10, choncho m'mutu mwake muli K900 ndi phindu la K220. Ngati matimatiwo ndi a m'dimba mwake, alembebe K200, kapena mtengo umene wopikula akanam'patsa kudimbako. Akapanda kutero, thebulo lake la pamsika lidzaoneka lopindula kwambiri pamene likungodya thukuta la kudimba.

Tebulo la m'foni lifuna mizere yotsika isanu ndi umodzi. Pamwamba pa mzere A lembani Tsiku, pa B Chinthu, pa C Mtundu, pa D Kuchuluka, pa E Mtengo, pa F Zonse. Chochitika chilichonse chimatenga mzere wake wopingasa. M'kachipinda F2 simulembamo ndalama, koma lamulo lochulukitsa, limene mudzalikopera m'tizipinda tonse ta m'munsi mwake:

```
=D2*E2
```

Mtima wa tebuloli ndi mzere C. M'menemo timalola mawu asanu ndi limodzi okha: kugula, kugulitsa, nkhongole, kuola, mbasela, kunyumba. Loyamba ndi la ndalama iliyonse yotuluka, ngakhale ya galimoto. Asanu enawo ndi njira zonse zimene mulu wa matimati umachokera pathebulo. Makabuku ambiri amene timawaona ali ndi kugula ndi kugulitsa basi, ngati kuti tomato woola sanagulidwe ndi ndalama, kapena wopita mumphika wa kunyumba anagwa kumwamba.

Pofika Lachitatu madzulo mlimi wathu walemba izi: milu 58 yagulitsidwa pa K10, milu 10 yofewa yapita pa K5 tsiku lomaliza, milu 8 yatengedwa pa nkhongole, 7 yaola, ya mbasela ikaunjikidwa pamodzi ndi 4, ndipo 3 yapita kunyumba. Yoola, ya mbasela ndi ya kunyumba imalembedwa pa mtengo wa K10 womwewo, kuti tione ndalama imene yapita nayo.

Kuti foni iwonkhetse, lembani mawu asanu ndi limodzi aja chakumbali, kuyambira H2 mpaka H7, motsatana monga tawatchulira. Mu I2 ndi mu J2 ikani malamulo awiriwa, n'kuwakopera mpaka mzere 7:

```
=SUMIF(C:C,H2,F:F)
=SUMIF(C:C,H2,D:D)
```

Loyamba likuti: yang'ana mumzere C, paliponse pamene pali liwu lofanana ndi la mu H2 utenge ndalama ya mu F. Lachiwiri likuchita chimodzimodzi, koma likuwerenga milu. Phindu ndilo `=I3+I4-I2`, kutanthauza zogulitsa ndi za nkhongole kuchotsapo zogula: K630 kuwonjezapo K80, kuchotsapo K680. Yankho ndi K30.

K190 yasowa pa chiyembekezo chija, ndipo tebulo likuloza kumene yapita. Kuola kwatenga K70, mbasela K40, mphika wa kunyumba K30, ndipo K50 yotsalayo ndi ya milu khumi imene inatsitsidwa mtengo. Choopsa kuposa apa n'chakuti m'thumba muli K630 yokha, yosakwana kutenga mabokosi ena atatu ndi kuwafikitsa kumsika. K30 ya phindu ili m'manja mwa anthu a nkhongole, pamodzi ndi K50 ya mpamba. Umu ndi mmene mpamba umathera popanda wakuba.

Sitikunena kuti mbasela ithe. Ndiyo imabweretsa wogula mawa, ndipo banja liyenera kudya ndiwo. Poyang'anitsitsa ndi pa kuola ndi kutsitsa mtengo, K120, pakuti zonse ziwiri zabadwa pa tsiku lachitatu. Akanatenga mabokosi awiri, akanawononga K460 n'kupeza milu 60. Ngakhale milu 7 ikanapitabe ku mbasela ndi kunyumba, yotsala 53 ikanabweretsa K530, phindu la K70, ndi mpamba wochepa. Komabe ulendo umodzi si wosinthirapo malonda. Msika wa kumapeto kwa mwezi sufanana ndi wa pakati, ndipo tomato wa m'dzinja amaola msanga kuposa wa m'nyengo yozizira. Lembani maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, lililonse pa tsamba lake, kenako muyerekeze.

Tebulo limanama likadyetsedwa molakwika, ndipo kawirikawiri silichenjeza. Cholakwa chofala ndicho kulemba `K10` m'malo mwa `10`. Pulogalamu imaona zimenezo ngati mawu, osati nambala. M'kachipinda kochulukitsa mudzatuluka `#VALUE!`, ndipo pamenepo mwayi ulipo chifukwa mwaona. Mukalemba `58 milu` mumzere D, mu F mudzatulukanso `#VALUE!`, koma lamulo lowonkhetsa milu lidzangoudumpha mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chapafupi: nambala imatsamira kudzanja lamanja la kachipinda, mawu amatsamira kumanzere. China ndi kalembedwe ka mawu a mumzere C. `kugulisa` si `kugulitsa`, ndipo kampata kotsalira kumapeto kwa liwu, kamene mafoni amakonda kuwonjezera okha, n'kokwanira kuti mzere wonsewo usawerengedwe.

N'chifukwa chake timaumirira pa kachipinda kamodzi koyesera, `=SUM(J3:J7)`. Yankho lake liyenera kufanana ndi milu imene inawerengedwa pounjika, pano 90. Likatuluka 82, pali mzere wolembedwa molakwika, kapena milu 8 inachoka pathebulo osalembedwa. Wosiya mwana kapena mbale pathebulo aone kachipinda aka asanayambe kuloza munthu chala.

Wa nkhongole akabweza, musatsegule mzere watsopano wa kugulitsa, chifukwa mulu umodzi udzawerengedwa kawiri. Pitani pa mzere wake wakale, pamene dzina lake linalembedwa mu B, musinthe liwu la nkhongole likhale kugulitsa. Akalipira theka, gawani mzerewo pawiri. Yolipiridwa pafoni ndi kugulitsanso, ngakhale simunaigwire m'manja.

Kabuku musakataye. Pathebulo manja ndi onyowa, ogula akudikira, ndipo batire limatha masana. Chongani m'kabuku, n'kusamutsira m'foni madzulo a tsiku lomwelo, mukadakumbukira amene anatenga milu iwiri ija. Google Sheets imalola kusankha kuti tebulo lizitseguka popanda intaneti, ndipo zimene mwalemba zimakasungidwa ku akaunti yanu netiweki ikapezeka. Imelo ya akauntiyo ilembeni pachikuto cha kabuku, mawu ake achinsinsi muwasunge kwina, kuti foni ikatayika mudzatsegule tebulo lanu pa foni ina.