Thupi Laweruka, Mutu Ukadali ku Ofesi

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi mabuku anakana kugwirizana: ndalama zolembedwa m'buku lathu zinkasiyana ndi za ku banki ndi K86,400. Ndinafufuza mpaka 6 koloko koma osapeza pamene panalakwika. Ndinatseka ofesi, kukwera minibasi, kufika kunyumba, kusamba m'manja n'kukhala pa nsima. Mwana wanga wamkazi ankandifotokozera za mayeso a masamu, ine ndikungogwedeza mutu. Kenako anasiya mbamu m'mbale n'kundifunsa kuti, "Adadi, ndanena kuti ndapeza zingati?" Sindinadziwe. Ndinamukalipira kuti pakudya salongolola, mayi ake anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo usiku umenewo 2 koloko inandipeza ndili maso, ndikuwerengera malisiti m'mutu.

Ntchito sindinabwere nayo m'chikwama. Laputopu ndinaisiya ku ofesi. Chimene ndinabwera nacho chinali ntchito yosatha, ndipo imeneyo ndiyo imalanda tulo kuposa ntchito yolemetsa. Mlimi amene walima ndime yake n'kuimaliza amagona ngati mwana ngakhale msana ukuwawa. Koma chinthu chimene chasiyidwa panjira ubongo suchileka. Umangochibweretsa, kuopa kuti mungachiiwale, ndipo umasankha nthawi imene kwachita zii, magetsi azima, palibenso chokusokonezani.

Thupi silisiyanitsa kwenikweni vuto limene lili pamaso panu ndi vuto limene mukungoliganizira. Mukakumbukira nkhope ya abwana pofunsa lipoti, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adirenalini ndi kotizolo. Mtima umagunda mofulumira, magazi amathamanga, shuga amachuluka m'magazi, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika. Zonsezi n'zabwino kwa munthu amene akuthawa galu wolusa. Koma kotizolo ali ndi nthawi yake: amakwera m'mawa, makamaka mphindi 30 mpaka 45 munthu atadzuka, n'kumatsika tsiku lonse mpaka kufika pansi penipeni chapakati pa usiku. Kutsikako n'kumene kumapereka mpata ku tulo. Munthu amene akukangana ndi abwana m'maganizo 10 koloko usiku akuuza thupi lake kuti kwacha pamene kunja kwada.

Usiku umodzi wotere suvulaza. Vuto limabwera zikakhala za masiku onse, chifukwa munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo pa nthawi ya tulo m'pamene kuthamanga kwa magazi kumatsika, mtima n'kupumako. Mu 2021 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, mogwirizana ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse, linalengeza kuti anthu ogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 pa 100 alionse poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Lamulo la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yokhazikika kwa antchito ambiri. Ndiye werengerani nokha. Ngati mumagwira maola 45 ku ofesi, n'kuwonjezera maola awiri madzulo alionse mukuyankha mameseji ndi kukonza malipoti, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mwafika pa 55 musanaphatikizepo Loweruka. Maola amenewa salembedwa paliponse, ndipo palibe amene amakulipirani.

Chimene chinandithandiza poyamba chinali kope la masamba ochepa, ngati la ana asukulu. Mphindi 10 ndisanaweruke ndimasiya zonse n'kulemba zimene zatsala. Koma kalembedwe kake n'kofunika. Kungolemba kuti "mabuku sakugwirizana" sikuthandiza, chifukwa kumeneko n'kulemba nkhawa yokha. Chofunika ndi kulemba chinthu choyamba chimene mudzachite ndi manja anu mawa, ndi nthawi yake. Mwezi wotsatira, mabuku atasiyananso, ndinalemba kuti: "8 koloko, kufananiza macheke a sabata yomaliza ndi sitetimenti ya banki. Akagwirizana, kuona ndalama zimene banki yadula. Zikakanika pofika 10 koloko, kuuza abwana ndi kupempha mnzanga kuti aonenso." Mzere womalizawo ndiwo unali mankhwala enieni, chifukwa umayankha funso limene limavutitsa usiku, loti nanga zikakanika nditani. Ndinatseka kopelo n'kulisiya mu dirowa ya ku ofesi. Maganizo a mabukuwo anabwerabe ndili pabedi, koma ndinali ndi chowayankha: zalembedwa, 8 koloko. Anabwera kawiri kapena katatu, kenako anatopa.

Pambuyo pake ndinamva kuti akatswiri anayesapo zofanana ndi zimenezi. Mu 2018 Michael Scullin ndi anzake a pa yunivesite ya Baylor ku America anagawa achinyamata 57 m'magulu awiri. Ena analemba kwa mphindi zisanu asanagone zimene ayenera kuchita m'masiku otsatira, ena analemba zimene anamaliza kale. Olemba za mawa anagona msanga ndi mphindi pafupifupi 9, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anafulumira kwambiri kupeza tulo. Anali anthu ochepa ndipo unali usiku umodzi, choncho tisazikuze. Ine ndimakonda kulemba ndisanachoke ku ofesi kusiyana ndi pabedi, kuti nthawi ya nsima nayonso ipulumuke.

Kope litha kutseka ntchito ya lero, koma foni imaitsegulanso. Gulupu ya ku ntchito ya pa WhatsApp siweruka. Meseji imodzi ya 9 koloko usiku yoti "mawa tionane" ikhoza kukudyerani usiku wonse, ngakhale woitumizayo amangofuna kukufunsani za makiyi a kabati. Ku France, kuyambira mu 2017, lamulo limauza makampani a antchito 50 kapena kuposerapo kuti akambirane ndi antchito awo za ufulu wozimitsa foni akaweruka. Kwathu kuno, kumene ntchito ikusowa ndipo kunyalanyaza meseji ya munthu wamkulu kumaoneka ngati mwano, malangizo oti "ingozimitsani foni" ndi a munthu amene sanalembedwepo ntchito. Sindingauze aliyense kuti aike ntchito yake pachiswe.

Chimene chimatheka ndi kusiyanitsa meseji ndi kuyimba. Ine ndinapita kwa abwana masana, tsiku limene zinthu zinali bwino, n'kunena kuti, "Bwana, ikakwana 7:30 madzulo ndimakhala ndi ana, mameseji ndimawaona m'mawa. Koma pakakhala zadzidzidzi mundiyimbire, ndiyankha nthawi iliyonse." Sindinakane ntchito, ndinangosonyeza khomo lolowera. Ndipo munthu amaganiza kawiri asanayimbire mnzake usiku, pamene meseji amangoiponya. Pa foni, gulupuyo ndinaiika pa Mute notifications, ndipo pa Do Not Disturb ndinalola kuti mafoni a abale ndi a abwana okha azilira. Foniyo imagona pabalaza, osati pansi pa pilo. Pali cholakwika chimodzi chimene ndinachichita kangapo: kuyankha "kamodzi kokha" 10 koloko usiku. Mukatero mwaphunzitsa aliyense kuti malire anu ndi a pakamwa chabe, ndipo muyenera kuyambiranso.

Pakati pa ofesi ndi khomo la nyumba pamafunikanso kampata. Minibasi yodzaza, kondakitala akukangana ndi anthu za chenji, simpumulo. Ine ndimatsika siteji imodzi ndisanafike pathu n'kuyenda wapansi mphindi 15. Ndikafika ndimavula zovala za ku ntchito, kusamba, kenako n'kukhala pansi. Za ku ntchito ndimawauza mayi a ana kwa mphindi 10, nsima isanafike patebulo, ndipo tinagwirizana kuti zikatha pamenepo zatha. Kukhala chete osafotokoza kumapangitsa mnzanu kuganiza kuti walakwa ndi iye. Kufotokoza usiku wonse nakonso kumasandutsa nyumba kukhala ofesi yachiwiri.

Zinthu ziwiri zimene anthu otopa amathamangirako zimawonongeratu zonsezi. Kafeini wa mu khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lichoke m'thupi. Khofi wa 4 koloko madzulo, womwera kuti mumalize lipoti, theka lake likadali m'magazi 9 koloko usiku. Mowa nawo, uja timati "kabotolo kamodzi kochotsa kutopa", umagonetsadi msanga, koma ukayamba kutha m'thupi tulo timaduladula, munthu n'kudzidzimuka mbandakucha mtima ukugunda.

Ena ntchito yawo singatsekeredwe mu dirowa. Mphunzitsi amabwera ndi makope 80 oti achonge, namwino amaitanidwa usiku, mayi wa okala yapakhomo amagogoderedwa pawindo ndi wofuna mchere 9 koloko. Kwa otere malire amakhala a malo ndi a nthawi: makope achongedwe patebulo limodzi, kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti, ndipo asalowe kuchipinda. Bedi likazolowera kukhala malo owerengera ndalama, ubongo umayamba kudzuka mukangogonapo. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, dzukani, khalani pabalaza pa kuwala kochepa, osagwira foni, mubwerere pabedi pokhapokha maso akayamba kulemera.

Ndinenenso mosabisa kuti kope ndi kuyenda wapansi sizingachiritse ntchito ya anthu atatu imene yasenzetsedwa munthu mmodzi, kapena bwana wonyoza. Zimenezo zimafuna kukambirana ndi akuluakulu, bungwe la antchito, kapena ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ndipo ngati mwakhala mukusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena mutu sukusiya kuwawa, kapena mwayezetsa kangapo n'kupeza bipi ili pa 140/90 kapena kuposerapo, pitani kuchipatala m'malo mogula mapiritsi ogonetsa kwa ogulitsa mumsewu. Chimodzimodzi ngati zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso ndipo mukuona ngati moyo ulibe phindu: uzani adokotala kapena munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe.

K86,400 ija ndinaipeza m'mawa mwake isanakwane 9 koloko, maso ali psuu chifukwa chosagona. Inali cheke imodzi imene ndinailemba kawiri. Madzulo ake ndinapepesa kwa mwana wanga n'kumufunsanso za mayeso aja. Anandiuza kuti anapeza 17 pa 20, ndipo anathamangira kuchipinda kukatenga pepalalo kuti ndione atatu amene analakwitsa.